TV ya Pabalaza Imene Imasunga Kaundula wa Zimene Banja Laonera

Mu Novembala 2013, katswiri wina wa makompyuta wa ku Hull, m'dziko la England, dzina lake Jason Huntley, anadabwa kuona zotsatsa malonda zikutulukira pa TV yake yatsopano ya LG. Anaganiza zofufuza zimene TV ija inkatumiza kunja kudzera pa intaneti ya m'nyumba mwake, ndipo zimene anapeza zinamveka dziko lonse. Akasintha tchanelo, TV inkauza makompyuta a kampani dzina la tchanelo chimene watsegula. Akalowetsa fulashi, inkatumiza mayina a mafayilo a m'fulashimo. M'menyu munali batani lolembedwa kuti Collection of watching info. Huntley analithimitsa, koma mauthenga anapitirizabe kutuluka. A LG anavomera vutolo ndipo analonjeza kulikonza.

Papita zaka zoposa 10 tsopano. Mabatani a masiku ano, monga tionere, amagwiradi ntchito. Chimene chakula ndi luso la TV lodziwa zimene zili pagalasi lake, ndipo eni TV ambiri sadziwa n'komwe kuti luso limeneli lilipo.

Lusoli amalitchula ndi zilembo zitatu, ACR, ndipo ntchito yake ndi kuzindikira pulogalamu imene ikuonetsedwa popanda wina kuiuza. TV imatapa kachigawo kakang'ono ka chithunzi kapena ka mawu, n'kukasandutsa manambala ochepa amene amakhala chidindo cha kachigawoko. Chidindocho chimapita ku makompyuta a kampani, kumene kuli nkhokwe yaikulu ya zidindo za mafilimu, masewero, nkhani, mpira ndi zotsatsa malonda. Chikafanana ndi china cha m'nkhokwemo, kampani yadziwa kuti TV yakutiyakuti, pa ola lakuti, inali pa pulogalamu yakuti. Zili ngati munthu wokonda nyimbo amene amangomva kulira koyamba kwa gitala ali panja pa golosale n'kutchuliratu woyimba ndi chimbale chake. Sanafunike kumva nyimbo yonse, ndipo TV nayonso sifunika kutumiza filimu yonse.

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Munthu amaganiza kuti TV ingadziwe zimene akuonera pokhapokha akamagwiritsa ntchito mapulogalamu a mu TV momwemo. Akalumikiza dikoda ya DStv, laputopu kapena makina a magemu pa chingwe cha HDMI, amati TV yangokhala galasi chabe. Koma ACR siifunsa kumene chithunzi chachokera. Imatapa chilichonse chimene chafika pagalasi.

Mu 2024, akatswiri a ku University College London, University of California ku Davis ndi Universidad Carlos III ku Madrid anayesa zimenezi pa ma TV a Samsung ndi LG, ku Britain ndi ku America. Anaika TV iliyonse pa intaneti imene iwo ankatha kuiyang'anira, n'kumawerenga mauthenga otuluka. Malinga ndi zolemba za makampaniwo, TV ya Samsung imatapa kawiri pa sekondi iliyonse, pomwe ya LG imatapa maulendo 100 pa sekondi. Pa mawaya, akatswiriwo anaona kuti ya LG imatumiza zimene yasonkhanitsa masekondi 15 alionse, ndipo ya Samsung imatumiza kamodzi pa mphindi. Ndi bwino kuziika pa mpira wa mphindi 90 kuti zimveke: ya LG yatumiza mauthenga 360 woyimbira asanaimbe wezulo yomaliza, ndipo ya Samsung yatapa maulendo 10,800. Mauthengawa ankatuluka pamene TV ili pa matchanelo a mlongoti, ndiponso pamene yalumikizidwa ndi laputopu pa HDMI. Pa Netflix ndi YouTube za mu TV momwemo, mauthenga a ACR sanali kuoneka chimodzimodzi, ndipo zimenezi n'zomveka, chifukwa makampani amenewa safuna kuti wina azikolola m'munda mwawo.

Kafukufukuyu anapezanso chinthu cholimbitsa mtima. Atathimitsa mabatani oyenera, mauthenga opita ku makompyuta a ACR anasiyiratu. Choncho mphindi zochepa zimene munthu angathe ali ndi rimoti m'manja sizipita pachabe.

Funso loti kampani yopanga ma TV ikufuniranji kaundula wotere limayankhidwa bwino ndi nkhani ya Vizio, kampani ya ku America. Mu Febuluwale 2017, Vizio inavomera kulipira madola 2.2 miliyoni ku bungwe la boma la Federal Trade Commission ndi boma la New Jersey. Mlandu wake unali wakuti kuyambira mu 2014 inkasonkhanitsa, sekondi ndi sekondi, zimene anthu ankaonera pa ma TV 11 miliyoni, eni ake osadziwa. Ma TV ena anagulidwa alibe lusoli, ndipo linalowa pambuyo pake kudzera pa intaneti. Kaundulayo ankalumikizidwa ndi nambala ya intaneti ya nyumba iliyonse, kenaka makampani ena ankaphatikizapo zaka za anthu a m'nyumbamo, ndalama zimene amapeza, maphunziro awo, ngati ali pabanja, ndiponso ngati nyumbayo ndi yawo. Zonsezi zinkagulitsidwa. Batani lothimitsira linalipo, koma linkatchedwa Smart Interactivity, dzina limene palibe munthu akanaganiza kuti likunena za iye.

Pofika mu 2021, phindu la Vizio lochokera ku zotsatsa malonda ndi kaundula wa oonera linali litaposa phindu la kugulitsa ma TV enieniwo. Mu 2024 sitolo yaikulu ya Walmart inagula kampaniyi pa madola pafupifupi 2.3 biliyoni, ndipo sinabise kuti chimene inkafuna ndi malonda otsatsa. Nayonso LG inagula gawo lalikulu la kampani ya Alphonso mu 2021, imene ntchito yake ndi yomweyi ya ACR. Amene amadabwa kuti TV yaikulu ikutchipa chaka ndi chaka ali ndi gawo lina la yankho pamenepa: wopanga akuyembekeza kupezanso ndalama TV ili kale pakhoma la munthu. Nkhaniyi sinathe ngakhale ku America komweko. Mu Disembala 2025, loya wamkulu wa boma la Texas, Ken Paxton, anasumira Samsung, LG, Sony, Hisense ndi TCL pa nkhani yomweyi.

Wolemba nkhani ino sakhulupirira kuti wina ku Seoul wakhala pampando n'kumaonera banja la ku Area 25 likudya nsima. Makampani amanena kuti chimene chimatuluka ndi zidindo, osati zithunzi zenizeni, ndipo vidiyo ya ukwati wa pachibale ilibe chofanana nacho m'nkhokwe yawo. Chimene chimamuvutitsa mtima ndi china. Zimene banja limaonera zimanena zambiri za banjalo kuposa zimene lingauze mlendo. Tchanelo cha mapemphero chimene chimatsegulidwa mbandakucha chimaulula chipembedzo. Nkhani zimene bambo amatsatira pa nthawi ya zisankho zimaulula mbali yawo. Makatuni a masana amanena kuti m'nyumbamo muli mwana, ndipo TV ikakhala chete milungu iwiri, ndiye kuti eni ake achoka. Chinthu chimodzi pachokha n'chaching'ono, koma kaundula wa chaka chathunthu ndi mbiri ya banja. Ndipo TV si ya munthu mmodzi monga foni. Amene anadina kuvomera ndi mmodzi, koma amene akulembedwa ndi agogo, ana, wantchito ndi anansi obwera kudzaonera mpira.

Kawirikawiri amene anadinayo si mwini TV n'komwe. Ndi mnyamata wa kusitolo amene anaiyatsa kuti wogula aone kuti ilibe vuto, kapena mphwake wodziwa za makina amene anaitanidwa kudzaikhoma. Pa tsiku limenelo TV imabweretsa masamba angapo a malamulo, ndipo pamwamba pamakhala kabokosi kovomera zonse nthawi imodzi, kolembedwa Select All kapena mawu ofanana nawo. Aliyense ali ndi changu chofuna kuona chithunzi. Kabokosiko kamadinidwa, ndipo nkhani imathera pomwepo kwa zaka zisanu. Pamasamba amenewo pali ena ofunikadi kuti mapulogalamu a intaneti agwire ntchito, monga lamulo la kagwiritsidwe ntchito, ndipo pali ena ongosankha, amene TV imagwira ntchito bwinobwino popanda iwo. Kabokosi kamodzi kaja kamawamanga onse mtolo umodzi.

Tiyerekeze banja la Amalawi lokhala ku Leicester. Mayi ndi namwino, ali ndi TV ya LG ya zaka zaposachedwa, ndipo madzulo ena amalumikiza laputopu pa HDMI kuti aonere zakumudzi pagalasi lalikulu. Akafuna kuthimitsa ACR, malo oyamba ndi awa:

```
All Settings > General > System > Additional Settings > Live Plus
```

Live Plus ndi dzina limene LG inapatsa luso lozindikira zimene zili pagalasi, ndipo ayenera kulithimitsa. Koma asaike rimoti pansi, chifukwa chilolezo chenichenicho chili kwina, pa tsamba la User Agreements, limene pa ma TV ambiri a LG limapezeka pansi pa Support kenaka Privacy & Terms. Pamenepo apeza mndandanda wa mapangano amene anavomerezedwa tsiku loyamba lija. Achotse kachizindikiro pa pangano la Viewing Information, limene ndi la kaundula wa zoonera, ndiponso pa la Interest-Based Advertisement, limene limalola kuti kaundulayo agwiritsidwe ntchito posankha zotsatsa zomuonetsa. Akatsimikiza, TV nthawi zambiri imazima n'kuyakanso yokha. Pali batani linanso, Limit Ad Tracking, pansi pa Advertisement, ndipo ili ndi losiyana ndi anzake: ena aja amafuna kuthimitsidwa, koma ili limafuna kuyatsidwa. Anthu ambiri amalakwitsa pamenepa chifukwa dzanja lazolowera kuthimitsa chilichonse.

Mapangano awiri aja, la zoonera ndi la zotsatsa, sagwira ntchito imodzi, ndipo kusiyana kwake n'kofunika kukumvetsa. Lokhudza zotsatsa limangonena za mmene kaundula adzagwiritsidwire ntchito. Lokhudza zoonera ndi limene limaletsa kuti kaundulayo alembedwe. Munthu amene wathimitsa la zotsatsa lokha adzaona zotsatsa zosagwirizana ndi zokonda zake n'kuganiza kuti wapambana, pomwe zidindo zikutulukabe masekondi 15 alionse.

Pa TV ya Samsung dzina ndi lina. Limatchedwa Viewing Information Services, ndipo pa ma TV atsopano lili apa:

```
Settings > All Settings > General & Privacy > Terms & Privacy
```

Pafupi pake pali mnzake wa zotsatsa, amene dzina lake limayamba ndi Interest-Based. Pa ma TV a Sony munthu afunefune Samba Interactive TV. Pa amene ali ndi Roku, monga ena a TCL ndi Hisense, alowe pa Privacy, kenaka Smart TV Experience, n'kuchotsa chizindikiro pa Use info from TV inputs, dzina lokhalo pa onsewa limene limanena chilungamo pa zimene limachita. Ma TV a Hisense amene ali ndi VIDAA, ofala m'masitolo a ku Lilongwe, Lusaka ndi Joni, amasunga zilolezo zawo pa tsamba la mapangano a zachinsinsi, ndipo mawu oyang'ana ndi Enhanced Viewing. Makampani amasuntha mabataniwa chaka ndi chaka, ndipo TV yofanana imaonetsa menyu yosiyana malinga ndi dziko limene linasankhidwa poiyatsa koyamba. TV yogulidwa ku Joni n'kubwera pa basi mpaka ku Blantyre ingakhale ikudziyesabe kuti ili ku South Africa. Njira yosalephera ndi kutsegula tsamba lililonse lokhala ndi mawu akuti Privacy, Terms kapena Agreements, n'kuwerenga kabokosi kalikonse pakokha.

Kodi namwino uja wataya chiyani? Zochepa. TV isiya kumuuza mapulogalamu ofanana ndi amene amakonda, ndipo zotsatsa za patsamba loyamba zikhalapobe, kungoti sizikhala zosankhidwira iyeyo. Netflix, YouTube, matchanelo ndi HDMI zonse zigwira ntchito monga kale. Pamene ayenera kuganiza kaye ndi pa pangano la mawu, Voice Information. Akalikana, kabatani ka maikolofoni ka pa rimoti kasiya kugwira ntchito, ndipo m'nyumba imene muli agogo osaona bwino zilembo, kabatani kameneko ndi kothandiza. Apo aliyense asankhe malinga ndi nyumba yake.

Munthu angadziwe bwanji kuti zathekadi? Nkhani ya Huntley ndi chifukwa chokwanira chofunsira funso limeneli. Pagalasi sipaoneka kusintha kulikonse, choncho umboni uli pa intaneti ya m'nyumba. TV isanatumize uthenga, imayamba yafunsa adiresi ya kompyuta imene ikufuna kulankhula nayo, ndipo mafunso amenewa amatha kuwerengedwa. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa Pi-hole, imene anthu amaika pa kakompyuta kakang'ono n'kuilumikiza ku rauta, ndipo imalemba dzina lililonse limene chipangizo chafunsa. Pa ma TV a ku Britain, akatswiri aja anaona mayina monga awa:

```
eu-acr4.alphonso.tv
acr-eu-prd.samsungcloud.tv
```

Nambala ya m'dzina loyambalo imasinthasintha. Zimene zili mkati mwa mauthenga sizingawerengeke chifukwa n'zokhomedwa, koma kubwerezabwereza kwa mayina okhala ndi zilembo za acr kumaoneka poyera. Kayesedwe kake n'kosavuta: kuonera tchanelo kwa theka la ola mabatani ali oyatsa, kuona mayina amene atuluka, kuthimitsa mabatani, kuzimitsa TV n'kuiyatsanso, ndi kuoneranso theka lina la ola. Mayinawo akasowa, zatheka. Ena akaona mndandandawo amapsa mtima n'kutseka dzina lililonse la Samsung kapena LG, kenaka mawa lake mapulogalamu akukana kutseguka ndipo wotchi ya TV yasokonekera. Otsekedwa akhale okhawo a ACR ndi a zotsatsa.

Si nyumba iliyonse imene ingachite zimenezi, ndipo sikofunika kuti iliyonse ichite. Chofunika kwa onse ndi kubwereranso ku mabataniwo TV ikangolandira pulogalamu yatsopano. Nthawi zambiri ikatero imabweretsanso masamba a mapangano, ndipo mwana amene akufuna makatuni amadina chilichonse chimene chamutchinga. Kubwezeretsa TV mmene inachokera kufakitale nakonso kumafufuta zosankha zonse. Wogula TV yakale, kaya pamsika kaya kwa mnzake amene akusamuka, ayambe ndi kuibwezeretsa choncho dala, kuti achotse maakaunti a mwini wakale ndi zilolezo zake, kenaka ayankhe mafunso onse yekha, limodzilimodzi.

Malire a mabataniwa nawo ayenera kunenedwa mosabisa. Kuthimitsa ACR kumaletsa wopanga TV kudziwa zimene zili pagalasi, basi. Netflix ikudziwabe filimu iliyonse imene yatsegulidwa ndi mphindi imene inaimitsidwa, chifukwa filimuyo ikuchokera kwa iyo. YouTube ili ndi kaundula wake, amene amathimitsidwa mu akaunti ya Google, pa YouTube History, osati mu menyu ya TV. TV yokhayo imapitirizabe kulankhula ndi kampani yake pa zinthu zina, monga kufunsa ngati pali pulogalamu yatsopano. Pa ma TV a Google TV pali mabatani ena owonjezera, Usage & diagnostics ndi Delete advertising ID, ndipo poiyatsa koyamba munthu amatha kusankha Basic TV, imene imasiya matchanelo ndi HDMI zokha popanda akaunti ya Google.

Malamulo akuthandizako, koma pang'onopang'ono. Ku Britain ndi ku Ulaya lamulo limafuna kuti munthu avomere yekha momveka asanatoleredwe zotere. South Africa ili ndi lamulo la POPIA, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira mu 2021. Malawi inakhazikitsa lamulo loteteza zinsinsi za anthu mu 2024, ndipo udindo woliyang'anira unaperekedwa ku MACRA. Koma lamulo lofuna chilolezo limakhutira chilolezo chikapezeka, ndipo pa makompyuta a kampani, kudina kwa mnyamata wa kusitolo kuja kumaoneka chimodzimodzi ndi kwa mwini nyumba amene anawerenga tsamba lililonse.

Nyumba zambiri za ku Malawi ndi Zambia zili ndi mwayi umene za ku Leicester zilibe. Kumene anthu amaonera kudzera pa dikoda, TV sifunika intaneti ngakhale pang'ono, ndipo TV imene ilibe intaneti ilibe njira yotumizira chidindo. Vuto limabwera tsiku limene wina wayatsa intaneti ya pafoni kuti aonetse alendo vidiyo ya pa YouTube. TV imasunga dzina la netiweki ija ndi mawu ake achinsinsi. Kuyambira pamenepo, foni ija ikangoyatsanso intaneti yogawana pa chifukwa china chilichonse, TV imadzilumikiza yokha mwakachetechete, n'kuyamba kulankhula ndi kwawo, mwinanso kukoka pulogalamu yatsopano yolemera pa bandulo ya mwini foni. Alendo akapita, ndi bwino kulowa pa Network n'kufufuta netiwekiyo, kapena kusintha mawu achinsinsi a pafoni. Amene amafuna mafilimu a pa intaneti tsiku ndi tsiku angasiye TV yopanda intaneti n'kulumikiza kabokosi kapadera pa HDMI, podziwa kuti kabokosiko nakonso kali ndi mwini wake ndi masamba ake a zilolezo, amene ayenera kuwerengedwa mofanana ndi a TV aja.